Lipoti la zachuma lochokera ku Tete: kadontho, maziro atatu ndi pempho loti ndilembe mu kwacha

Mayi Tembo: Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi ntchito imene yandisowetsa tulo masiku awiri. Kampani ina ya kuno ku Lusaka imagula soya ku kampani ya ku Tete, ndipo banki imene ikufuna kuwabwereka ndalama yapempha lipoti la zachuma la kampani ya ku Teteyo la chaka cha 2023 m'Chingerezi. Lipotilo lili m'Chipwitikizi, ndipo mawu ake sakundivuta chifukwa ndinakulira kumalire a Chanida. Chandiimitsa ndi manambala. Pa mzere wa ndalama zimene anapeza pogulitsa katundu alemba 48.750, ndipo nditakopera manambala onse mu Excel kuti ndione ngati akugwirizana, palibe chimene chikukwana. Chinanso, amene andipatsa ntchito akuti ndilembe zonse mu kwacha kuti a banki asavutike. Kodi womasulira ali ndi ufulu wochita zimenezi?

A Mwale: Mayi Tembo, ine ndinaphunzitsidwa kuti womasulira amamasulira mawu okha, manambala sawakhudza. Mmene alembera eni ake, inunso lembani momwemo, ndipo ngati pali cholakwa chidzakhala chawo osati chanu. Za kwacha zo zikaneni.

Bambo Phiri: A Mwale anena zoona pa nkhani ya kwacha, ndipo ndibwererako. Koma pa kalembedwe ka manambala sindikugwirizana nawo kwenikweni. Mayi Tembo, musanachite china chilichonse yang'anani pamwamba pa tsamba, pansi pa mutu wa lipoti, pamene pamakhala kamzere ka zilembo zing'onozing'ono konena mtundu wa ndalama. Mutiuze zimene alembapo. Mutitumizirenso manambala atatu kapena anayi otsatizana pamodzi ndi chiwerengero chawo chonse, dzina la kampani mulibise.

Mayi Tembo: Zikomo bambo. Kamzereko kalipo ndipo kakuti `Valores expressos em milhares de Meticais`. Pa chuma chimene chimasanduka ndalama msanga alemba motere: katundu wa m'nkhokwe 12.300, ngongole zimene anthu sanawabweze 8.450, ndalama za ku banki ndi za m'manja 950, zonse pamodzi 21.700. Ine nditaphatikiza mu Excel ndapeza 970.75.

Bambo Phiri: Vuto lanu laoneka, ndipo si la eni lipotilo. M'Chipwitikizi kadontho kamalekanitsa masauzande, ndipo mpatuliro ndi umene umaima pamene ife timaika kadontho tikamalemba ngwee. Choncho 12.300 yawo ndi 12,300 yathu, ndipo 8.450 ndi 8,450. Mukaphatikiza 12,300 ndi 8,450 ndi 950 mupeza 21,700, monga alembera. Kompyuta yanu inakonzedwa kuti iziwerenga manambala Chingerezi, ndiye inaona 12.300 n'kuyesa 12.3, inaona 8.450 n'kuyesa 8.45, koma 950 inaisiya chifukwa ilibe kadontho. Ndiko kwachokera 970.75 yanuyo.

Taonani chimene chikanachitika mukanapereka ntchitoyo osaphatikiza. Wowerenga akanaona kampani imene ili ndi katundu wa 12.3 ndi ndalama za m'manja 950, n'kuganiza kuti chuma chake pafupifupi chonse ndi ndalama zogwirika, pamene zoona n'zakuti ndalamazo sizikufika n'komwe pa magawo asanu mwa magawo 100 alionse. Munthu wa ku banki amayang'ana pomwepo akafuna kudziwa ngati kampani ingathe kulipira ngongole zake msanga. Chizindikiro chimene ndimaonera vutoli ndi chimodzi: maziro a kumapeto amasowa, ndipo nambala yaing'ono kwambiri pa tsambalo imasanduka yaikulu kuposa zonse.

Kenako pali kamzere kamene ndinakufunsani kaja. Kakunena kuti nambala iliyonse ili m'masauzande a mametikali. Ndiye kuti 48.750 ndi mametikali 48,750,000. Kamzereko mukamasulire ndi kukaika pamwamba pa tsamba lililonse limene kali, osati pa tsamba loyamba lokha, chifukwa masamba a lipoti amapatukana akafika m'maofesi, wina n'kutenga tsamba limodzi kupita nalo ku msonkhano. Koma musawonjezere maziro atatuwo m'manambala eni ake. Eni lipoti anafupikitsa manambalawo, ndipo inu simukudziwa ngati 48,750 inali 48,750,120 kapena 48,749,600.

A Mwale: Bambo Phiri, ndamva, koma nkhawa yanga ndi iyi. Ngati a banki aika lipoti la Chipwitikizi ndi la Chingerezi pambalipambali, n'kuona kuti kwina kuli 12.300 kwina 12,300, kodi sadzati womasulira wasintha manambala? Makamaka ngati Mayi Tembo adzasaine ndi kulumbira kuti zimene amasulira n'zofanana ndi zoyambirira.

Bambo Phiri: Funso limenelo ndi lenileni, ndipo ndikudziwa omasulira ena amene amachita monga mukunenera, kusiya manambala mmene alili n'kulemba chenjezo pa tsamba loyamba. Ine ndimaona kuti kadontho ndi mpatuliro ndi mbali ya chinenero, monga mmene dzina la mwezi lilili. Munthu amene wasiya 12.300 m'lipoti la Chingerezi walemba nambala imene wowerenga Chingerezi aimva mosiyana ndi mwini wake, ndipo pamenepo ntchito yomasulira sinathe. Chimene ndingachite ndi kusintha zizindikirozo m'lipoti lonse, kenako n'kulemba chiganizo chimodzi cha womasulira pachiyambi, chonena kuti kalembedwe ka masauzande kasinthidwa kutsatira Chingerezi ndipo kukula kwa manambala sikunasinthe. Choopsa kwambiri ndi kusakaniza, masamba ena kusintha ena kusiya.

A Mwale: Pa lipoti wamba ndavomera. Pa chikalata cholumbirira ndikhalabe ndi maganizo anga mpaka amene akuchilandira atandiuza okha chimene akufuna.

A Zulu: Ine ndimagwira ntchito ku ofesi yoona za ngongole pa banki ina kuno m'tauni, ndipo ndingakonde kulandira lipoti losinthidwa monga akunenera Bambo Phiri, chifukwa manambalawo timawalowetsa m'makompyuta athu mothamanga. Mayi Tembo, za Excel zo zili ndi njira yake. Musanakopere, sankhani mzere wonse wotsika n'kuusintha kukhala `Text` kuti kompyuta isamasulire yokha manambalawo. Mukatero, pa mzere wa pambali lembani izi:

```
=NUMBERVALUE(A2,",",".")
```

Izi zikuuza Excel kuti m'nambala imeneyi mpatuliro ndi wa tizigawo ta pansi pa 1 ndipo kadontho ndi ka masauzande. Koma ngati nambala yasanduka kale 12.3, musavutike nayo, fufutani n'kukoperanso kuchokera ku lipoti, chifukwa maziro aja apita kale.

Ndikuchenjezeninso za `Find and Replace` mu Word. Mnzanga wina anasintha timadontho tonse kukhala mipatuliro nthawi imodzi, ndipo anawononga zinthu zimene sizinali ndalama. Ndemanga ya nambala 12.1 inasanduka 12,1, deti la 31.12.2023 linasanduka 31,12,2023, ndipo nambala ngati 1.250,75 inatuluka ili ndi mipatuliro iwiri. Chiwongoladzanja cholembedwa 17,5% m'kati mwa ndime nacho chimaiwalika kawirikawiri, chifukwa maso amakhala pa mizere ya manambala osati m'mawu.

Mayi Sakala: Pepani kulowerera akuluakulu. Ine ndimaona ngati nkhaniyi ndi yomasulira lipoti kupita m'Chichewa, chifukwa ndi vuto limene ndili nalo. Ndine mlembi wa kagulu ka alimi a kwathu ku Katete ngakhale ndimakhala ku Chilenje, ndipo chaka chilichonse ndimawerenga lipoti la ndalama pamsonkhano. Chaka chatha ndinabwereka lipoti la kagulu ka abale athu a ku Mchinji kuti ndionereko kalembedwe ka Chichewa, ndipo anthu ataona kuti anzathu alemba phindu la K4,000,000 pamene ife tinalemba K95,000, kunabuka phokoso loti komiti yadya ndalama. Ndinavutika kufotokoza kuti kwacha yawo si yathu.

Bambo Phiri: Mayi Sakala, simunasochere, nkhani yanu ndi yomweyi. Chilembo cha K chimagwira ntchito ku Zambia ndi ku Malawi komwe, ndipo pa pepala palibe chimene chimasonyeza kuti iyi imagawika m'ngwee, inayo m'matambala. Lipoti likamadutsa malire, lembani zilembo zitatu zodziwika padziko lonse: `ZMW` pa kwacha yathu, `MWK` pa ya Malawi, `MZN` pa metikali. Pamsonkhano wa alimi ingonenani pakamwa kuti kwacha ya Malawi, nthawi iliyonse imene mukutchula nambalayo.

Mwandikumbutsanso msampha wina umene uli m'nyumba mwathu momwe. Pa 1 Januwale 2013 Banki Yaikulu ya Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, moti K1,000 yakale inakhala K1, ndipo zilembo zinasintha kuchoka pa `ZMK` kupita pa `ZMW`. Mukumbukira kuti miyezi yoyambirira ya chaka chimenecho m'masitolo ankalemba mitengo iwiri, watsopanowo uli ndi `KR` kutsogolo. Ndinaonapo lipoti limene m'ndemanga zake anatchula kuti nyumba inayesedwa mtengo wa K350,000,000 m'chaka cha 2010, ndipo womasulira anangoika `ZMW` patsogolo pake. Nyumba ya K350,000 ya lero inaoneka ngati ya mamiliyoni 350. Mozambique nayo inachotsa maziro atatu pa metikali m'chaka cha 2006, `MZM` n'kukhala `MZN`. Mayi Tembo, ngati m'ndemanga za lipoti lanu muli malo kapena nyumba zimene zinagulidwa chaka chimenecho chisanafike, funsani eni ake kuti nambalayo ndi ya metikali iti.

Mayi Tembo: Ndayang'ana, kampaniyi inayamba m'chaka cha 2015, choncho msampha umenewo sundikhudza. Koma bambo, za kwacha zija mwati mubwererako. Amene andipatsa ntchito aimbanso masanawa, akuti ndingotenga mtengo wa lero wosinthira ndalama n'kuchulukitsa nambala iliyonse. Akuti ndi ntchito ya mphindi khumi.

Bambo Phiri: Kuchulukitsako n'kwa mphindi khumi, koma chotulukapo sichikhalanso lipoti limene owunika mabuku a kampaniyo anasaina. Iwo anasaina manambala a mametikali. Kusintha lipoti kuchoka pa ndalama ina kupita pa ina ndi ntchito ya akauntanti, ndipo ili ndi lamulo lake lotchedwa `IAS 21`. Lamulolo limati chuma ndi ngongole zisinthidwe pa mtengo wa tsiku lotsekera mabuku, limene kwa inu ndi 31 Disembala 2023, koma ndalama zolowa ndi zotuluka zisinthidwe pa mtengo wa masiku amene malondawo anachitika, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito mtengo wapakati wa chaka chonse ngati ndalama sizinagwedezeke kwambiri. Mtengo wa lero sukupezekapo paliponse.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta, amene ndangowapeka kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Tinene kuti pa tsiku lotsekera mabuku metikali imodzi inali ngwee 40, koma mtengo wapakati wa chaka chonse unali ngwee 32. Zogulitsa zanu za mametikali 48,750,000 zikhala K19,500,000 pa mtengo woyambawo, ndipo zikhala K15,600,000 pa wachiwiriwo. Kusiyana kwake ndi K3,900,000 pa mzere umodzi wokha, ndipo kwabwera chifukwa cha kusankha kwa munthu amene anangopemphedwa kumasulira. Komanso mukagwiritsa ntchito mitengo iwiri monga lamulo likufunira, mbali ziwiri za lipoti sizilingananso, pamatsala ndalama imene akauntanti amaiika pa mzere wakewake. Womasulira sangawonjezere mzere umene mulibe m'lipoti loyambirira.

A Zulu: Ndionjezere kuti ife ku banki sitifuna n'komwe kuti womasulira atisinthire ndalama. Tili ndi mitengo yathu imene timagwiritsa ntchito, ndipo tikalandira lipoti la kampani ya ku Mozambique lili mu kwacha, funso loyamba limakhala lakuti wasintha ndani ndipo pa mtengo uti. Nthawi zambiri timalibweza.

A Mwale: Nanga ngati mwini ntchito waumirira? Tonse tikudziwa kuti womasulira akakana kwambiri, ntchito imapita kwa wina. Sangaike kwacha m'mbali mwa nambala iliyonse, mametikali n'kukhalabe pamalo pake?

Bambo Phiri: M'kati mwa lipoti lomasuliridwa, ayi. Chimene ndingalole ndi pepala lapadera, losamangidwa pamodzi ndi lipoti, lolembedwa pamwamba kuti ndi longothandiza wowerenga, lotchula mtengo umene wagwiritsidwa ntchito, deti lake ndi kumene wachokera. Ndipo ndingakonde kuti pepalalo alikonze ndi kulisaina akauntanti wa kampani ya kuno, osati Mayi Tembo. Dzina lawo likhale pa zimene amasulira zokha.

Bambo Ngoma: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ntchito yanga ndi yoombola katundu pamalire, ndipo poti nkhani ndi ya soya, Mayi Tembo ayang'anenso miyeso. M'ndemanga za katundu wa m'nkhokwe mupeza liwu lakuti `toneladas`. Tani ya ku Mozambique ndi ya makilogalamu 1,000, monga yathu, ndipo m'Chingerezi imalembedwa `tonnes`. Mukalemba `tons`, wowerenga wa ku America angaiyese tani yawo yaifupi, imene ndi makilogalamu 907 ndi pang'ono. Pa matani 400 kusiyana kwake kumapitirira makilogalamu 37,000, ndiko kuti matumba oposa 740 a makilogalamu 50, katundu woposa wa lole imodzi yaikulu. Mahekitala nawo asiyeni akhale mahekitala ngakhale anthu akwathu anazolowera maekala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, koma liwu lakuti pafupifupi silikwanira m'lipoti limene mtengo wa munda ukudalira kukula kwake.

Mayi Sakala: Bambo Ngoma, kwa alimi athu ndikanena mahekitala sandimva. Ine ndimalemba maekala ndi matumba.

Bambo Ngoma: Lipoti lanu mumalemba nokha mayi, ndipo muli ndi ufulu wosankha muyeso umene anthu anu amaumva, bola mutchule kuti thumba ndi la makilogalamu angati. Mayi Tembo akunyamula lipoti la eni ake, sangasinthe muyeso.

Mayi Tembo: `Toneladas` ilipo pawiri, ndalemba `tonnes`. Tsopano madeti. Pa ndemanga ya ngongole alemba kuti gawo lomaliza lidzalipidwa pa 04/05/2024. Ine ndikuwerenga kuti 4 Meyi, chifukwa Apwitikizi amayamba ndi tsiku monga ifeyo. Ndisiye momwemo?

Bambo Phiri: Mwawerenga bwino, koma musasiye momwemo. Lembani mwezi m'mawu. Lipoti limeneli likhoza kupita kwa munthu amene anazolowera kalembedwe ka ku America, koyamba ndi mwezi, ndipo iye awerenga 5 Epulo. Musanatsimikize, fufuzani deti lina m'lipotimo limene nambala yake ina ikupitirira 12, monga 31/12/2023, ndipo lidzakuuzani dongosolo limene wolembayo amatsata. Ngati ndemangayo inakopedwa ku pangano la ngongole lochokera kunja, pamenepo funsani, chifukwa deti likhoza kukhala litabwera ndi dongosolo la eni panganolo.

Pali chinanso pa madeti chimene omasulira ambiri amachiphonya, ndipo chili m'mitu ya masamba. Tsamba la chuma ndi ngongole limanena mmene zinthu zinalili pa tsiku limodzi, choncho mutu wake umati pa 31 Disembala 2023. Tsamba la phindu ndi kutayika limanena za nyengo yonse, choncho mutu wake umati chaka chothera pa 31 Disembala 2023. M'Chipwitikizi mupeza `em` pa loyambalo ndi `exercício findo em` pa lachiwirilo. Musazifananitse pofuna kuti mitu ioneke bwino. Onaninso kuti chaka cha 2023 ndi cha 2022 zaima mbali iti pa tsamba lililonse, ndipo muzisiye mmene zilili.

A Mwale: Pa manambala amene ali m'mikutiro, monga (3.200), ine ndimaika chizindikiro chochotsera kutsogolo kuti anthu wamba amve. Kodi ndimalakwa?

A Zulu: Tanthauzo ndi limodzi, koma ine ndingasiye mikutiroyo chifukwa aliyense wowerenga malipoti ameneŵa amaidziwa, ndipo kamzere kochotsera kamasowa mosavuta pepala likajambulidwa kangapo. Chachikulu n'chakuti isatayike pokopera. Lipoti likachokera pa pepala lojambulidwa, mkutiro wa kumanzere nthawi zina umawerengedwa ngati 1, ndipo (3.200) imatuluka 13.200.

Mayi Tembo: Ndabwerera ndi zotsatira. Ndakoperanso manambala onse monga ananenera a Zulu, ndipo ndaphatikiza mzere uliwonse wotsika pa masamba onse anayi akuluakulu. Chuma chonse chikulingana ndi ngongole kuphatikiza gawo la eni kampani, ndipo 950 ya ndalama za m'manja ikupezekanso kumapeto kwa tsamba la kayendedwe ka ndalama. Koma ndapeza chinthu chimodzi chimene si changa. Pa tsamba la chuma alemba kuti ngongole zimene anthu sanawabweze ndi 8.450, pamene pa ndemanga imene ikufotokoza ngongolezo, chiwerengero chonse alemba 8.540. Ndaphatikiza manambala a m'ndemangamo ndipo akupereka 8,450. Zikuoneka kuti wotaipa anatembenuza 4 ndi 5. Ndikonze?

A Mwale: Apa ndiye pamene lamulo langa lija likugwira ntchito. Musakonze.

Bambo Phiri: Apa ndili kumbali ya a Mwale kotheratu. Lembani 8,540 monga zilili, muike kanyenyezi, ndipo pansi pa tsamba mulembe monga womasulira kuti m'lipoti loyambirira mwalembedwa choncho pamene pa tsamba la chuma pali 8,450. Kusiyana kwake ndi 90, ndipo kusiyana kumene kumagawika ndi 9 kawirikawiri kumasonyeza manambala otembenuzidwa, choncho kuganiza kwanu n'kotheka kwambiri. Komabe amene angakonze ndi eni lipoti ndi owunika mabuku awo. Auzeni amene akupatsani ntchito lero lomwe kuti alembere ku Tete lipoti lisanafike ku banki.

A Zulu: Ine ndikanakonda kuti chenjezolo likhale pa kalata yapadera osati pansi pa tsamba, chifukwa kanyenyezi pa nambala kamachititsa ena a ife kukayikira lipoti lonse.

Bambo Phiri: Kalata yapadera imatsala m'envelopu, a Zulu. Ndaziona kambirimbiri.

Mayi Tembo: Ndiika pansi pa tsamba, ndipo ndalembera kale amene andipatsa ntchito kuti afunse ku Tete. Za kwacha ndawauza kuti apereke kwa akauntanti wawo. Sanakondwe nazo, ndipo sanandiyankhebe ngati avomera, koma lipoti ndipereka Lachisanu lili m'masauzande a mametikali.